Kalata yopempha kucinja shifiti si mlandu, abwana iyankheni

Mu Lusaka nthawi ya kiliniki ndi nthawi ya nchito zimagundana. Makiliniki a boma amaona odwala matenda okhalitsa kuseni, pakati pa wiki, ndipo nthawi imodzimodziyo ndi imene kashiya afunika kukhala pa tilu, gadi pa geti, wothira mafuta pa pampu, wopanga buledi pa uvuni. Munthu amene wapezeka ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene tonse timangoiitana kuti bipi, amapatsidwa tsiku la livyu lolembedwa pa khadi. Tsiku limenelo likagwa pa shifiti ya kuseni, ambiri amasankha nchito. Sitingawaimbe mlandu, pakuti lendi siyembekeza. Koma maganizo a danga lino ndi akuti kusankha kumeneku nthawi zambiri sikufunika kukhalapo n'komwe. Kalata imodzi yolembedwa bwino, yopempha cinthu cocepa ndi coonekeratu, ingathetse nkhaniyi popanda kampani kutaya olo ola limodzi, ndipo bwana amene amakana kalata yotere amadzipweteka yekha.

Tiyambe ndi cifukwa cake tsiku la livyu silifunika kuseweredwa nalo. Kafukufuku wa STEPS amene anacitika mu Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi bipi yokwera. Ndiye kuti pa kampani ya anchito makumi asanu, nkhani iyi si ya munthu mmodzi. Bipi imaonedwa kuti ndi yokwera ngati nambala ya pamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena ya pansi yafika 90 kapena kuposa, pa masiku awiri osiyana. Vuto lake n'lakuti ambiri samva ciliconse. Munthu angakhale ndi 165/100 koma akunyamula masaka a unga, akuseka, akudya bwino. Pamene iye akuti ali cabe bwino, magazi akukankha mitsempha ndi mphamvu yopitirira, ndipo mtima, impso, maso ndi ubongo zikuonongeka pang'onopang'ono. Tsiku limene adzamva, kambiri imakhala sitoroko.

Mankhwala a bipi si ngati a malungo akuti umwa masiku atatu wasiliza. Ndi a tsiku lililonse, ndipo mlingo woyenera munthu sudziwika pa ulendo woyamba. Dokota kapena kiliniko ofesa amayamba ndi mlingo wina, mwina wa amulodipini kapena nifedipini, kapena mankhwala okodzetsa, kenaka afunika kuona ngati nambala yatsika. Ngati sinatsike amaonjezera mlingo kapena kuikapo mtundu waciwiri. Afunikanso kumva ngati mankhwala akuvuta, pakuti amulodipini imatupitsa akakolo mwa anthu ena, enalapulilo imabweretsa cifuwa couma cosatha mwa ena, ndipo pena pafunika kupima magazi kuti aone mmene impso zikusewenzera. Ndiye cifukwa cake bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, mu malangizo ake a mu 2021, limati wodwala aziwonedwa mwezi uliwonse pamene wangoyamba mankhwala kapena pamene acinjidwa, kufikira nambala itatsika, ndipo ikakhazikika aziwonedwa pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri pa kalata yathu, cifukwa ikutanthauza kuti nthawi yovuta ndi miyezi yoyambirira cabe. Bwana akamva kuti "nili na bipi, nizayamba kuyenda ku kiliniki" amaganiza kuti wanchito wake azisowa wiki iliyonse mpaka kalekale. Zoona zake n'zakuti ndi m'mawa umodzi pa mwezi, ndipo pambuyo pake umodzi pa miyezi itatu.

Cina cimene abwana ambiri sadziwa n'cakuti tsiku la livyu ndilonso tsiku lotenga mankhwala. Ngati munthu anapatsidwa mapilisi a mwezi umodzi, kuphonya livyu ndi kutha kwa mankhwala. Akaleka kumwa, bipi imabwerera pamene inali. Ena amagula ku famase mapilisi a masiku ocepa, ena amabwereka kwa aneba amene akumwa mtundu wina, ena amangoleka ati ndidzayenda mwezi wa mawa. Umu ndi mmene munthu amene anayamba bwino amatayikira.

Manje tiyeni ku lamulo, pakuti apa ndi pamene anthu amanamizana kwambiri m'maminibasi. Lamulo la Zanchito nambala 3 la mu 2019 limapereka chuthi ca matenda kwa wanchito amene walephera kusewenza cifukwa ca kudwala, ngati wabweretsa pepala la ku cipatala. Wa kontilakiti yaitali amalandira malipiro onse kwa miyezi itatu, kenaka theka kwa miyezi ina itatu. Wa kontilakiti yaifupi amalandira malipiro onse kwa masiku 26 a nchito, kenaka theka kwa masiku ena 26. Lamulo limodzimodzilo silola kucotsa munthu nchito popanda cifukwa comveka, ndipo kusowa kwa kanthawi cifukwa ca chuthi ca matenda si cifukwa cololedwa. Izi n'zabwino, koma onani mpata umene watsala. Lamulo likukamba za munthu amene wagona, amene sangathe kusewenza. Wa bipi amene akupita ku livyu sanagone. Angathe kusewenza maola ake onse asanu ndi atatu, cabe kuti sangawasewenze kuyambira 06:00 pa tsiku limenelo. Kucinja shifiti ndi nkhani ya kumvana pakati pa wanchito ndi bwana, kapena ya pangano la yuniyoni ngati ilipo. Conco kalata yoopseza ndi lamulo siyenda. Kalata imene imayenda ndi imene imacititsa kuti kuvomera kukhale kosavuta kupambana kukana.

Tiyerekeze ndi bambo wina wa zaka 46, wokhala ku Chawama, amene amasewenza mu sitolo yaikulu ya holoselo ku tauni. Si munthu weniweni, koma nkhani yake aliyense aidziwa. Pa nchito pao pali magulu awiri osinthana wiki ndi wiki. Gulu lina limalowa 06:00 kucoka 14:00, lina limalowa 14:00 kucoka 22:00, ndipo pa Mande amacinjana. Bambo uyu anapimidwa kawiri, anapezeka ndi 164/102, anamuyambitsa mankhwala, ndipo pa khadi analemba kuti abwerenso pa Citatu, pa 9 Epulo. Wayang'ana rosita, wapeza kuti wiki imeneyo ali kuseni.

Pali kanthu apa kamene ambiri sakaona. Ngati kiliniki ikupereka livyu pa mawiki anai alionse, ndipo mashifiti amasinthana wiki ndi wiki, ndiye kuti livyu iliyonse idzagwa pa shifiti imodzimodziyo. Pa 9 Epulo ali kuseni, pa 7 Meyi adzakhalanso kuseni, pa 4 Juni cimodzimodzi. Si tsoka, ndi masamu cabe. Koma masamu amodzimodziwo ndiwo angamupulumutse. Akangosamukira ku gulu lina kamodzi kokha, masiku onse atatu adzagwa pa wiki imene amalowa 14:00, ndipo sadzafunikanso kupempha ciliconse mwezi ndi mwezi.

Njira imene anthu amathamangira ndi yocinjana tsiku limodzi cabe ndi mnzao, koma pa mashifiti otere njira iyi ili ndi msampha. Bambo wathu akalowa 14:00 pa Citatu, adzacoka 22:00, adzafika ku Chawama mwina ca m'ma 23:00, ndipo pa Cinai afunika kukhala pa nchito 06:00. Tulo take sitifika olo maola asanu. Mnzake amene wamuthandiza nayenso wacoka 22:00 pa Ciwiri n'kulowa 06:00 pa Citatu. Kamodzi angapirire, kaciwiri adzayamba kudandaula, kacitatu foni sayankha. Komanso kusagona kumakweza bipi imene tikufuna kutsitsa. Conco cabwino kupempha ndi kusamuka gulu, kapena kucinjana wiki yathunthu. Asanalembe kalata, bambo uyu afunika kupeza mnzake wa gulu lina amene wavomera, wa nchito yofanana ndi yake, cifukwa funso loyamba la bwana aliyense ndi lakuti nanga pamalo pako padzakhala ndani.

Kalata yake ingaoneke motere, kaya yalembedwa mu Cinyanja kapena mu Cizungu malinga ndi mwambo wa pa nchitopo. Pamwamba aike tsiku, dzina lake, nambala yake ya pa nchito ndi dipatimenti.

"Kwa Abwana Oyang'anira Anchito,

Pempho losamukira ku gulu lina la shifiti kwa miyezi itatu

Ndalemba kupempha thandizo lanu pa nkhani ya shifiti. Ku cipatala anandipeza ndi bipi yokwera ndipo ndayamba kumwa mankhwala. Nchito yanga ndikuigwira monga mwa masiku onse. Cofunika cabe n'cakuti ndizionekera ku kiliniki kuseni kamodzi pa mawiki anai, kufikira bipi itakhazikika. Tsiku loyamba ndi pa Citatu, pa 9 Epulo, monga zalembedwa pa khadi imene ndaphatikiza kope yake. Ndikuyembekezera kuti masiku otsatira adzakhala pa 7 Meyi ndi pa 4 Juni, ndipo ngati acinja ndidzakudziwitsani tsiku lomwelo.

Pa rosita ya manje, masiku onsewa agwa pa wiki imene ndimalowa 06:00. Ndikupempha kuti kuyambira pa Mande, pa 7 Epulo, ndisamukire ku gulu lina, kuti pa masiku amenewa ndizilowa 14:00. Mnzanga wa gulu limenelo wavomera kutenga malo anga ndipo wasaina pansipa. Maola anga a pa wiki sacepa, ndipo sindikupempha tsiku lopuma. Pa livyu iliyonse ndidzabweretsa kapepala ka ku kiliniki. Ngati mzere wacedwa, ndidzatumira foni a supavaiza isanakwane 13:00. Pambuyo pa 4 Juni ndidzakudziwitsani zimene a dokota adzanena, kuti tionenso ngati makonzedwe awa akali ofunika.

Ndikupempha kuti nkhani ya umoyo wanga ikhale pakati pa ofesi yanu ndi ine, ndiponso kuti mundiyankhe mwa kulemba pasanafike pa 2 Epulo. Zikomo kwambiri.

Ine wanchito wanu."

Kalata iyi ndi yaifupi, ndipo ciliconse cimene cilimo cili ndi nchito yake. Mutu wake ukunena cimene akufuna, osati cimene akudwala, cifukwa amene amapanga rosita afuna kudziwa cocita. Ciganizo cakuti nchito akuigwira monga mwa masiku onse cikutseka khomo la mantha, pakuti bwana wina akamva bipi amayamba kale kuganiza za munthu wogwa pa nchito. Masiku ndi maola alembedwa m'manambala, kuti pasakhale zakuti sitinamvane. Pempho lili ndi polekezera, miyezi itatu, ndipo munthu savutika kuvomera cinthu cimene akuona kothera kwake. Ndipo pali tsiku loyembekezera yankho, wiki imodzi livyu isanafike, kuti ngati akana pakhale nthawi yopeza njira ina.

Onaninso zimene mulibe. Mulibe mbiri ya mmene amai ake anamwalirira ndi sitoroko, mulibe dzina la mankhwala, mulibe nambala 164/102. Izi ndi za iye ndi adokota ake. Mulibenso madandaulo akuti mnzanga uja munamulola caka catha, kapena akuti supavaiza amandizonda. Kalata ikasanduka bwalo la milandu, yankho limacedwa, cifukwa aliyense amayamba kudziteteza. Ngati pali nkhani zina, zilembedwe pa pepala lina tsiku lina. Pa kope ya khadi, n'kwanzeru kuonetsa cabe dzina, cidindo ndi tsiku la livyu, n'kuphimba zina zonse musanafotokope.

Ena adzafunsa ngati n'kofunika kuchula bipi mu kalata. Mungalembe cabe kuti adokota akufuna kumakuonani mwezi ndi mwezi, ndipo kalata idzakhalabe yokwanira ngati pali pepala la cipatala. Koma tiyeni tikambe cilungamo ca mu tauni muno. Munthu akati ali ndi livyu ya mwezi ndi mwezi osachula nthenda, pa kantini amamalizitsa okha nkhani. Ambiri amasankha kuchula kuti miseche ithe. Ndi ufulu wa mwini wake, ndipo bwana safunika kukakamiza. Pokhapo tiyenera kusiyanitsa nchito zimene moyo wa anthu ena uli m'manja mwanu, monga kuyendetsa basi, thiraki kapena makina olemera, kapena kukwera pamwamba pa nyumba zomangidwa. Mankhwala atsopano amacititsa cizungulire mwa anthu ena masiku oyamba, makamaka poimirira msanga. Wa nchito yotere auze adokota nchito imene amagwira, ndipo apemphe kuti alembe ngati ali woyenera kupitiriza. Pepala limenelo limateteza nchito yake kupambana kubisa.

Kaperekedwe ka kalata ndi kofunika ngati kalembedwe kake. Anthu ambiri amapempha pakamwa, pa kolido, bwana akuthamangira miting'i. Iye amati "ok, tizaona," munthu n'kutenga ngati wavomera. Pa tsikulo supavaiza wina amene sanauzidwe amalemba kuti walova, ndipo pakutha kwa mwezi pa peyi silipi pali kudulidwa, mwinanso kalata ya cenjezo. Zikacitika katatu, nkhani siikhalanso ya bipi koma ya kulova, ndipo pa mlandu wa kulova munthu angapishiwe nchito mwa lamulo. Conco lembani makope awiri. Imodzi musiye ku ofesi, inayo aidinde kapena aisaine ndi tsiku limene alandira, muisunge ku nyumba pamodzi ndi kontilakiti. Jambulaninso pa foni. Ngati pa nchito panu zonse zimayendera pa WhatsApp, tumizani cithunzi ca kalatayo kumeneko, koma kwa bwana yekha, osati mu gulupu ya anchito onse. Ndipo perekani msanga, rosita ya mwezi isanatuluke ngati n'kotheka. Kucinja rosita imene yakhomedwa kale pa bolodi kumakwiyitsa aliyense.

Akavomera, mbali yotsala ndi ya wodwala. Afike ku kiliniki m'mamawa kuti atenge malo a kutsogolo pa mzere. Asamwe khofi, tiyi wamphamvu kapena zakumwa zopatsa mphamvu, ndipo asakoke fodya kwa mphindi 30 asanapimidwe. Ayambe wakodza, akhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, osakamba pamene makina akupima. Mankhwala a tsikulo amwe monga mwa nthawi zonse, pokhapo ngati anamuuza zina, cifukwa colinga ca livyu ndi kuona mmene mankhwalawo akusewenzera. Munthu amene wathamanga kucoka pa stesheni n'kupereka dzanja akali wefuwefu amapeza nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo angaonjezeredwe mankhwala amene safunikira. Kwa magadi ndi ena a shifiti ya usiku, amene amaganiza kuti alibe vuto pakuti kuseni amakhala omasuka, cenjezo ndi lomwelo. Munthu amene wacezera usiku wonse pa geti akumwa tiyi auze anasi zimenezo asanamupime. Auzenso adokota za mashifiti ake, makamaka ngati apatsidwa mankhwala okodzetsa, kuti agwirizane nthawi yabwino yomwera. Kashiya amene sangacoke pa tilu maola atatu amayamba kudumpha mapilisi otere mwakacetecete, ndipo palibe amene amadziwa cifukwa cake bipi yake siitsika.

Asanacoke pa kiliniki apemphe kapepala kodinda koonetsa kuti anabwera, ndipo ayang'ane tsiku latsopano asanatuluke pa khomo. Ngati lagwa pa wiki yolakwika, ndi nthawi yomweyo yopempha kuti alisunthe, osati atafika ku nyumba. Aonenso kuti mapilisi amene walandira afika pa tsikulo. Kuwerenga mapilisi pa windo la famase kumatenga mphindi imodzi, koma kumapulumutsa wiki yathunthu yokhala popanda mankhwala.

Manje tikambe ndi abwana, pakuti mbali yaikulu ya nkhaniyi ili kwa inu. Tamva zodandaula zanu ndipo si zonse zabodza. N'zoona kuti pali anchito amene amabweretsa masiki noti okayikitsa, makamaka pa Mande. N'zoona kuti mukalola mmodzi, ena asanu adzabwera ndi zifukwa zao. N'zoonanso kuti mu shopu ya anthu atatu mulibe gulu lina losamukirako. Koma yang'anani bwino pempho limene lili pa tebulo panu. Munthu wofuna kuba nthawi sakuuzani tsiku mawiki atatu lisanafike, sabweretsa womulowa m'malo, ndipo salonjeza kusewenza maola onse. Pempho lotere n'losavuta kulitsimikizira, cifukwa tsiku lili pa khadi ndipo kapepala kadzabwera ndi cidindo. Ngati mukuopa kuti ena adzatengera, ikani lamulo limodzi la onse: livyu ya cipatala yolembedwa, yodziwitsidwa pasadakhale, yokhala ndi umboni pambuyo pake, imaloledwa. Lamulo loonekera limathetsa nkhani za kukondera. Ndipo mu shopu yaing'ono, kumene kulibe mashifiti, munthu angalowe 12:00 tsiku limenelo n'kubweza maola anai aja ola limodzi limodzi pa masiku anai otsatira, kapena pa Ciweru, malinga zalembedwa ndipo onse awiri asaina.

Werengani masamu ake. Mu caka coyamba, bambo wathu wa ku Chawama afunika malivyu atatu a mwezi ndi mwezi, kenaka, bipi ikakhazikika, mwina ena atatu a pa miyezi itatu. Ndi m'mawa sikisi pa caka conse, ndipo pa njira yosamuka gulu simutaya ola lililonse. Mbali inayo, akagwa ndi sitoroko ali pa kontilakiti yaitali, lamulo likuti mumulipire malipiro onse miyezi itatu ndi theka miyezi ina itatu, pamene mukulipiranso wina wogwira nchito yake ndi kumuphunzitsa kumene katundu amakhala. Mwezi uliwonse mumadula 1 peresenti pa malipiro ake n'kuikapo 1 peresenti yanu kupita ku NHIMA. N'zodabwitsa kulipirira munthu inshuwalansi ya umoyo kenaka n'kumutsekera njira yopita kukaisewenzetsa. Ndipo musanene kuti atenge pa masiku ake a livu. Masiku awiri pa mwezi amene lamulo limapereka ndi opumula ndi kuona abale, ndipo kudya tsiku lathunthu pa cinthu ca maola anai n'kuononga kwa onse awiri. Cimodzimodzi amai asauzidwe kuti asewenzetse tsiku lao la pa mwezi limene lamulo linawapatsa. Tsiku limenelo lili ndi nchito yake.

Nanga bwana akakana, kapena akangokhala cete? Coyamba, musaphonye livyu mwakacetecete ndipo musalove mwakacetecete. Lembani kakalata kaciwiri kaafupi kokumbutsa koyamba, kopereka njira ina monga kulowa mocedwa n'kubweza maola. Ngati pali yuniyoni, tengani woimira anchito mupite naye. Pitaninso ku kiliniki, kapena tumani uthenga, mufunse ngati tsiku lingasunthidwe kufika pa wiki imene muli omasuka kuseni, koma onetsetsani kuti mankhwala akwanira masiku oonjezerawo. Ngati mwayamba kuopsezedwa kapena kulangidwa cifukwa ca kupita ku cipatala, ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi imene imamva madandaulo otere, ndipo cinthu coyamba cimene adzafunsa ndi mapepala. Apa ndi pamene kope yodindidwa ija imakhala mboni yanu.

Pali nthawi imodzi imene kalata siifunika n'komwe. Ngati makina aonetsa 180/120 kapena kuposa ndipo munthu akumva mutu waukulu, kupweteka pa cifuwa, kubanika kapena kusaona bwino, kapena ngati nkhope yapendekera mbali imodzi, dzanja lafooka, mau akutuluka mosamveka, ameneyo apite ku cipatala nthawi yomweyo. Asayembekeze shifiti kutha, asagonekedwe ku sitolo ati apumuleko, ndipo supavaiza asafunse fomu. Pa sitoroko mphindi iliyonse ndi ubongo umene ukufa. Mapepala adzalembedwa mailo.

A zaumoyo nawonso ali ndi mbali yao. Zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata zili pakati pa makomboni amene anchito a mashifiti amakhala. Funso limodzi cabe pa tebulo la nasi, lakuti kodi mumasewenza mashifiti, lingapangitse kuti tsiku la livyu lisankhidwe mogwirizana ndi rosita ya munthu. Dziko lino laphunzira kale pa mankhwala otalikitsa moyo kuti wodwala amene akuyenda bwino angapatsidwe mankhwala a miyezi ingapo pa ulendo umodzi, mizere n'kucepa. Nzeru imeneyo iyenera kufika mokwanira kwa a bipi amene nambala yao yakhazikika, pamene mankhwala alipo. Ndipo kapepala kotsimikizira kuti munthu anabwera kasakhale cinthu copempha mogwada, kakhale mbali ya livyu.

Ku Unduna wa Zanchito ndi ku mayuniyoni pempho lathu ndi lakuti mpata uja wa mu lamulo utsekedwe, kuyambira mu mapangano a malipiro amene amakambidwa caka ndi caka. Ciganizo cimodzi cokha cakuti wanchito wa matenda okhalitsa ali ndi ufulu wocinja shifiti pa tsiku la livyu, ngati wadziwitsa pasadakhale, cingathandize wa bipi, wa shuga ndi wa mphumu mofanana. Kufikira tsiku limenelo, cimene wanchito ali naco ndi pepala, bolopeni ndi khadi ya ku kiliniki. Ngati livyu yanu ikubwera mwezi uno, tengani rosita lero muone wiki imene yagwera, ndipo kalata ifike pa ofesi rosita yatsopano isanakhomedwe. Kwa inu abwana amene kalata yotere ili kale mu thireyi yanu, tsiku limene lalembedwamo silisuntha, conco yankho likufunika wiki ino.